Katundu Wakanidwa pa Marketplace: Kusaka Lamulo Lomwe Laphwanyidwa

Uthenga wokana katundu pa Facebook Marketplace umakhala waufupi, mzere umodzi kapena iwiri ya Chingerezi. Umanena kuti zomwe mwaika zikutsutsana ndi malamulo a malonda, nthawi zina n'kutchula mutu wa lamulolo, monga wa nyama, wa mankhwala kapena wa katundu wachinyengo. Sunena chithunzi chomwe chalakwa. Sunenanso mawu omwe akodwa. Wogulitsa amangoona kuti katundu wake sakuonekanso kwa ogula, ndipo akachita zinthu mopupuluma masiku otsatira, amadzapeza kuti msika wonse wamutsekera.

Msikawu unayamba mu Okutobala 2016 ku America, Britain, Australia ndi New Zealand. Kuno unafika mochedwa. Mu Ogasiti 2021 kampaniyo inalengeza kuti yautsegula m'maiko ndi m'zigawo 37 za kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Pofika nthawi imeneyo anthu anali atazolowera kale kugulitsa m'magulu a pa Facebook, momwe mwini gulu ndiye ankaweruza zoyenera ndi zosayenera. Chizolowezi cha m'magulucho anthu analowa nacho pa Marketplace, osadziwa kuti malamulo a kumeneko analembedwa kutali, kwa dziko lonse lapansi nthawi imodzi, ndi anthu omwe sankaganiza za mlimi wogulitsa mbuzi kuti apeze fizi ya mwana.

Chomwe ndikufuna kuonetsa pano ndi chakuti lamulo lomwe laphwanyidwa limapezeka nthawi zambiri, bola munthu alisake mwadongosolo asanakhudze batani lililonse. Ambiri amaluza msika chifukwa cha zomwe anachita atakanidwa, kuposa chifukwa cha katundu woyamba uja.

Mabuku awiri a malamulo

Meta, dzina lomwe kampani ya Facebook inatenga mu 2021, ili ndi mabuku awiri omwe amakhudza wogulitsa. Loyamba ndi Community Standards, lomwe limalamulira chilichonse chimene munthu amalemba kapena kutumiza pa tsambali: chipongwe, zolaula, chinyengo, uthenga wobwerezabwereza. Lachiwiri ndi Commerce Policies, lomwe ndi la malonda okhaokha. Limagwira ntchito pa Marketplace, m'magulu ogula ndi kugulitsa, komanso m'mashopu a pa Facebook ndi Instagram. Wogulitsa ayenera kutsata onse awiri, koma lachiwirili ndi lokhwima kwambiri. Chinthu chikhoza kukhala chololedwa m'malamulo a dziko, chololedwa kuchikamba pa tsamba lanu, koma n'kukhala choletsedwa kuchiika pa msika.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Munthu amati, "Ine sindinatukwane aliyense, anditsekera chifukwa chiyani?" Iye akuganiza za buku loyamba, pomwe wagwidwa ndi lachiwiri. Buku lachiwirili limawerengedwa pa `facebook.com/policies_center/commerce`, ndipo silalitali. Mutu uliwonse uli ndi chiganizo chimodzi cha lamulo, kenako zitsanzo za zoletsedwa, ndipo mitu ina ili ndi zitsanzo za zololedwa. Zitsanzozo ndi zomwe zimathetsa milandu, chifukwa chiganizo cha lamulo pachokha chimakhala chotakata kwambiri.

Pali mfundo imodzi yomwe ikufotokoza gawo lalikulu la kukanidwa: Marketplace ndi malo a chinthu chogwirika chomwe chilipo ndipo chikugulitsidwa. Choncho kulengeza ntchito ya manja anu, monga kuchapa m'nyumba za anthu, kukonza mafoni kapena kuluka tsitsi, n'koletsedwa. Kulengeza kuti mukufuna wantchito n'koletsedwa. Kulemba kuti mukusaka nyumba kapena kuti mwatola chiphaso cha munthu nakonso kumakanidwa, chifukwa palibe chomwe mukugulitsa. Zinthu zosagwirika, monga akaunti zoonera makanema, nazo zili kunja. Gawo linalo ndi katundu wogwirika ndithu koma woletsedwa: nyama zamoyo, mowa, fodya, zida, ndalama ndi zikalata za boma, mafuta ndi zina zoyaka, mankhwala a kuchipatala, timibulu ndi ufa zomwe amati zimawonjezera mphamvu m'thupi, zodzola zogwiritsidwa kale ntchito, ndi katundu wokhala ndi chizindikiro cha kampani yomwe sinamupange.

Mutu wa zachipatala ndi wotakata kuposa momwe anthu amaganizira. Malangizo a Facebook amatchula ngakhale kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi ndi bokosi la chithandizo choyamba pakati pa zosaloledwa. Amaletsanso zithunzi ziwiri zoonetsa munthu asanagwiritse ntchito chinthu ndi atachigwiritsa, zija ogulitsa tiyi wochepetsa thupi amakonda. Wogulitsa ufa wa chammwamba kapena gondolosi akalemba kuti zimachiza shuga kapena zimabwezera mphamvu za abambo, wadziika yekha pansi pa mutu umenewu, ngakhale zitsambazo zikugulitsidwa poyera m'misika yathu yonse.

Khola la nkhuku

Tiyerekeze mmisiri wowotcherera zitsulo ku Lilongwe, yemwe amapanga makola a nkhuku zoikira mazira, aja a mizere itatu okwana nkhuku 96. Wapanga limodzi n'kuligulitsa kwa mlimi wina, ndipo pofuna kuonetsa kuti ndi lolimba, wapita kukalijambula lili kale ndi nkhuku. Chithunzicho ndi chokongola: nkhuku zofiira zadzaza, mazira agubudukira m'ngalande yake. Pa mutu walemba "Layers cage 96 birds". M'munsi wafotokoza kukula kwake ndi mtengo, kenako wawonjezera kuti amawotchereranso mageti ndi mawindo, ndiponso kuti wofuna nkhuku zotsala pang'ono kuikira akhoza kumulumikiza ndi mlimi. Posankha gulu la katundu wadina loyamba lomwe laoneka kuti likukhudza ziweto.

Pasanapite nthawi, uthenga wafika kuti katunduyo akutsutsana ndi lamulo la nyama.

Mmisiriyu akudziwa kuti sakugulitsa nkhuku, ndiye akuganiza kuti makina angolakwitsa. Wafufuta, waikanso zomwezo. Zakanidwanso. Wasintha mtengo, waikanso. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri, akatsegula Marketplace akungopeza uthenga woti sangathenso kugula kapena kugulitsa, ndipo makola ake ena, njinga ya kabaza yomwe amagulitsa ndi machira achitsulo zonse zasowa pamaso pa ogula.

Tibwerere pa uthenga woyamba uja tione zomwe akanachita.

Choyamba ndi kudziwa chomwe chatsekedwa, chifukwa pali milingo itatu ndipo uliwonse uli ndi malo ake owerengera. Mlingo wapansi ndi katundu mmodzi yekha. Umenewu umaoneka mukalowa mu Marketplace n'kupita pa mndandanda wa katundu wanu, pomwe palembedwa "Your listings". Katundu wokanidwa amakhala ndi chizindikiro, nthawi zambiri pansi pa mawu oti "Needs attention", ndipo mukamudina mumapeza tsatanetsatane ndi batani la "Request review". Mlingo wapakati ndi msika wonse: akaunti ikugwira ntchito, mukulemba ndi kucheza, koma Marketplace yokha ndi yotseka. Mlingo wapamwamba ndi akaunti yeniyeniyo, pomwe mwaletsedwa kulemba m'magulu kapena kutumiza chilichonse kwa masiku angapo. Umenewu kawirikawiri umachokera ku Community Standards, ndipo msika umangokokedwa nawo.

Mayina a mabataniwa amasinthasintha malinga ndi foni komanso mtundu wa pulogalamu, ndipo Facebook Lite, yomwe ambiri timagwiritsa ntchito posunga bandulo, sionetsa zonse mofanana ndi pulogalamu yaikulu. Pa mlandu ngati uwu ndi bwino kulowa pa kompyuta kapena pa pulogalamu yaikulu, ngakhale kamodzi kokha.

Chachiwiri ndi kuwerenga mbiri. Mu "Help & support" muli "Support Inbox", yomwe imatsegukanso pa `facebook.com/support`. Mmenemo mumakhala mauthenga okhudza zomwe zachotsedwa, ndi tsiku lake. Palinso tsamba la "Account Status", lomwe limaonetsa ngati akaunti ili ndi chilango chomwe chikugwirabe ntchito. Masiku ake ndi ofunika kwambiri. Mmisiri wathu atatsegula akanapeza kuti mlandu wa kholali si woyamba: miyezi iwiri yapitayo anaikira mlamu wake anapiye a mikolongwe, anakanidwa, iye osalabadira. Kwa iye kholali linali vuto latsopano. Mu mbiri ya akaunti yake linali kulakwa kwachiwiri pa lamulo lomwelo, ndipo kuika kulikonse kobwereza kunawonjezera kwina. Uthenga wokana sunena kuti mwatsala ndi mwayi ungati.

Asanadine china chilichonse, akanajambula sikirini ya uthengawo, ya katunduyo monga momwe anamulembera, ndi ya tsikulo. Izi zimathandiza chifukwa batani lopemphera kuti aunikenso limakhala pa katundu wokanidwayo. Mukamufufuta, mwachotsa khomo lodandaulira, pomwe mlanduwo sunachoke mu mbiri.

Chachitatu, chomwe ndi mtima wa ntchito yonse, ndi kutenga mutu womwe watchulidwa mu uthenga n'kukauwerenga m'buku, kenako kuyerekeza zitsanzo zake ndi mbali zinayi za katundu wanu: zithunzi, mutu, kufotokoza, ndi gulu lomwe mwasankha. Mbali iliyonse imayesedwa payokha.

Lamulo la nyama limaletsa kugulitsa nyama zamoyo, ziweto za pakhomo monga agalu ndi amphaka, ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, komanso ziwalo monga mafupa, mano, nyanga ndi minyanga ya njovu. Koma pa zololedwa limatchula makola a nyama ndi zipangizo zosamalira ziweto. Ndiye khola la mlanduwu ndi loyera: khola lachitsulo ndi katundu wololedwa. Vuto lili pa momwe lasonyezedwera.

Chithunzi choyamba ndi chodzaza nkhuku. Katundu aliyense woikidwa pa msikawu amayamba waunikidwa, ndipo kuunika koyambako kumachitika makamaka ndi makina omwe amazindikira zomwe zili pa chithunzi ndi kuwerenga mawu. Chithunzi chomwe mbali yake yaikulu ndi nkhuku zamoyo, chokhala ndi mtengo pambali, chimaoneka ngati malonda a nkhuku. Mutu nawo uli ndi mawu awiri a nyama, "Layers" ndi "birds", ndi nambala 96 yomwe ikuoneka ngati kuchuluka kwa katundu. Zonsezi zikanangokhala kusamvana, kotheka kukonzedwa. Koma m'kufotokoza muli chiganizo chija choti akhoza kulumikiza wogula ndi mlimi wa nkhuku. Chimenecho ndi kulimbikitsa malonda a nyama zamoyo, ndipo munthu wounika atachiwerenga akanagwirizana ndi makina. Pomwepo palinso chiganizo cha mageti ndi mawindo, chomwe ndi kulengeza ntchito, lamulo lina lomwe uthenga woyamba sunatchule n'komwe koma likanatha kumugwira ulendo wotsatira.

Choncho mmisiriyu anali wolondola kuti sakugulitsa nkhuku, komanso anali ataphwanyadi malamulo awiri m'ziganizo ziwiri zomwe anaziwonjezera mwaulemu pofuna kuthandiza kasitomala. Zoterezi n'zofala. Chiganizo chopha katundu nthawi zambiri chimakhala cha kumapeto, chija timalemba titamaliza kale kufotokoza.

Kudandaula kapena kukonza

Munthu akafika apa ali ndi njira ziwiri, ndipo kusankha kwake kumatsatira zomwe wapeza.

Ngati mwayesa mbali zonse zinayi ndipo palibe chomwe chikugwirizana ndi zitsanzo zoletsedwa, pemphani kuti aunikenso. Izi zimachitikira ogulitsa zipangizo zomwe dzina lake la Chingerezi lili ndi liwu la mfuti, monga chopopera penti chotchedwa "spray gun" kapena chomatira chotchedwa "glue gun". Zimachitikiranso wogulitsa mabotolo opanda kanthu omwe adakali ndi pepala la mowa, kapena chidole chooneka ngati galu weniweni. Pakakhala malo olembapo, lembani mwachidule zinthu zitatu: katunduyo ndi chiyani, lamulo lomwe latchulidwa, ndi chifukwa chomwe silikumukhudza. Mmisiri yemwe analemba za khola lokha akanati ichi ndi khola lachitsulo lopanda nyama, nkhuku zili pa chithunzi sizikugulitsidwa, ndipo makola ali pa zitsanzo zololedwa pansi pa lamulo la nyama. Kudandaula za ana omwe akudikira chakudya kunyumba, ngakhale kuli koona, sikuyankha funso lomwe wounikayo wapatsidwa. Iye akufunsidwa chinthu chimodzi: katunduyu akutsutsana ndi mutu uwu kapena ayi. Yankho limabwera mu Support Inbox momwemo kapena pa katunduyo.

Ngati mwapeza chiganizo kapena chithunzi cholakwa, monga momwe zilili ndi mmisiri wathu, apilo ingowononga mwayi, chifukwa chigamulo chidzatsimikizidwa. Njira yake ndi kukonza. Ajambule khola latsopano lili lopanda kanthu pa bwalo la shopu yake, kuwala kuli bwino, ndi chithunzi china chapafupi choonetsa waya ndi zomwera madzi. Mutu uyambe ndi chomwe chikugulitsidwa, chitsulo ndi khola, ndipo kuchuluka kwa nkhuku zomwe zingalowemo kupite m'kufotokoza, pamodzi ndi mawu omveka oti kholalo likugulitsidwa lopanda nkhuku. Za mageti ndi za mlimi uja zichoke. Geti lomwe walipanga kale akhoza kuliika palokha ngati katundu, ndi mtengo wake weniweni, chifukwa limenelo ndi chinthu chogwirika. Kusintha kulikonse kumabwezera katunduyo ku kuunika, ndiye akonze zonse nthawi imodzi m'malo moyesa kamodzikamodzi.

Pali chizolowezi chomwe ndikufuna kuchitsutsa poyera, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri amati chimawathandiza. Ndi chija cholemba mawu mokhotetsa, kuika nambala pakati pa zilembo, kapena kuika chithunzi cha thumba la chakudya cha ziweto pomwe chikugulitsidwa ndi nkhumba. Lero chikhoza kudutsa. Koma kusiyana kwa chithunzi ndi kufotokoza ndi mlandu pawokha, ndipo ogula ali ndi batani lochitira lipoti. Wopikisana nanu pa malonda naye ali nalo. Katundu wodutsa mwa njira imeneyi akagwidwa, palibenso chonena pa apilo, chifukwa kukhotetsako kukuonetsa kuti mumadziwa lamulo.

Wogulitsa ziweto zenizeni ayenera kungovomereza kuti Marketplace si malo ake. Ndimaona kuti lamuloli ndi lolemera kwa alimi athu. Kuletsa malonda a nyama zakutchire kuli ndi chifukwa chomveka, ndipo Facebook inali m'gulu la makampani omwe mu 2018 anagwirizana ndi mabungwe a WWF, TRAFFIC ndi IFAW kuti athane ndi malonda oterewa pa intaneti. Koma kuika mbuzi ya ku Nsanje mu mtolo umodzi ndi ngaka ndi ulesi wa wolemba malamulo, yemwe wasankha mzere wosavuta kwa makina ake. Ngakhale zili choncho, kulimbana nalo poika mbuzi mobisa kumangotayitsa akaunti yomwe ikanagulitsa chimanga, njinga ndi makasu.

Msika wonse ukatsekedwa

Mmisiri wathu wafika kale pa mlingo wapakati. Akatsegula Marketplace, pa uthenga wotseka uja pamakhala batani la "Request review" ngati mwayi wodandaula ulipo. Asanalidine, awerenge mbiri yonse mu Support Inbox n'kulemba pa pepala katundu aliyense yemwe anakanidwa, tsiku, ndi mutu wa lamulo. Pa pepalalo chithunzi chimaoneka chokha: anapiye kamodzi, khola katatu m'masiku awiri, zonse pa mutu umodzi. Podandaula anene zoona, kuti katundu wake ndi makola achitsulo, kuti anabwereza kuika chifukwa sanamvetse uthenga, ndipo tsopano wawerenga lamulo la nyama. Kenako adikire. Kudina batani lomwelo tsiku lililonse sikufulumizitsa kanthu.

Nthawi zina msika umasowa popanda lamulo lililonse lophwanyidwa, ndipo ndi bwino kuchotsa zifukwa zimenezi kaye. Marketplace ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndiye akaunti yomwe tsiku lobadwa linalembedwa molakwika ikhoza kusauona. Akaunti yatsopano kwambiri nayo ikhoza kusapatsidwa msika. Amene watsegula profile yachiwiri pansi pa akaunti yake ayenera kubwerera ku profile yake yaikulu. Kusiyana kwake n'kosavuta kuona: woletsedwa amapeza uthenga womuuza kuti waletsedwa, ndi mbiri mu Support Inbox, pomwe amene sanapatsidwe msika amangopeza kuti chizindikiro chake palibe kapena tsamba likuti silikupezeka kwa iye.

Ngati Account Status ikuonetsa chilango cha akaunti yonse, ndiye gwero lake lili ku buku loyamba lija, ndipo kumeneko Meta inafalitsa makwerero ake mu 2023. Kulakwa koyamba ndi chenjezo. Kuyambira kachiwiri mpaka kachisanu ndi chimodzi munthu amaletsedwa zinthu zina, monga kulemba m'magulu. Akafika pa 7 amaletsedwa kutumiza chilichonse tsiku limodzi, pa 8 masiku atatu, pa 9 masiku 7, ndipo kuyambira pa 10 masiku 30. Milandu yaikulu ili ndi zilango zake zofulumira, ndipo kulakwa kulikonse kumatha mphamvu pakapita chaka. Kwa ogulitsa, mlandu wofala ku mbali imeneyi ndi kumwaza uthenga umodzi m'magulu makumi angapo m'mphindi zochepa, zomwe makina amaziona ngati khalidwe la akaunti yabodza. Wogulitsa wotere akhoza kuwerenga Commerce Policies usiku wonse osapeza kanthu, chifukwa katundu wake alibe vuto. Cholakwa ndi liwiro.

Palinso mlandu womwe mwini akaunti sanaupalamule. Mukapeza mu mbiri katundu yemwe simunamuikepo, monga galimoto zotchipa modabwitsa kapena mafoni a kunja, wina walowa mu akaunti yanu. Pitani mu "Accounts Center", kenako "Password and security", muone "Where you're logged in". Foni kapena mzinda wachilendo ukaoneka, tulutsani, sinthani pasiwedi, ndipo lengezani pa `facebook.com/hacked` musanachite apilo ya msika, kuti pakhale umboni woti katundu uja sanali wanu.

Chizindikiro cha kampani

Mlandu wa katundu wachinyengo uli ndi njira yosiyana, ndipo umakhudza kwambiri ogulitsa nsapato, majezi a mpira ndi zikwama. Ukhoza kubwera kuchokera ku makina, omwe aona dzina la kampani yotchuka pa mtengo wotsika kwambiri, kapena mawu monga "replica" ndi "first copy". Mawu amenewa, omwe wogulitsa amalemba pofuna kukhala woona mtima kwa kasitomala, ndi kuvomera mlandu, chifukwa lamulo limaletsa katundu wokopera ngakhale wogula akudziwa. Koma ukhozanso kubwera kuchokera kwa mwini chizindikiro kapena woimira wake. Zikatero uthenga umakhala wautali: uli ndi nambala ya lipoti, dzina la wodandaula ndi imelo yake. Facebook siiweruza kuti nsapato ndi yeniyeni kapena ayi. Imakuuzani kuti mukambirane ndi wodandaulayo, ndipo iye akabweza lipoti lake katundu akhoza kubwezedwa. Kampaniyi imatseka akaunti za obwereza mlandu wa mtundu umenewu, ndiye lipoti lachiwiri si lonyalanyaza.

Wogulitsa kaunjika ali pa malo ovuta pang'ono. Nsapato yeniyeni yovalidwa kale ndi yololedwa, koma m'belo mumatuluka zenizeni ndi zokopera pamodzi, ndipo risiti ya belo sinena za nsapato iliyonse. Chomwe chimamuteteza ndi zithunzi zake zenizeni, zojambula yekha, zoonetsa kansalu ka m'kati ndi pansi pa nsapato, ndi kulemba momveka kuti ndi yovalidwa kale. Kutenga chithunzi chosalala cha pa tsamba la kampani n'kuchiika pa nsapato ya kaunjika kumabweretsa milandu iwiri, wa chithunzi cha eni ake ndi wa chithunzi chosagwirizana ndi katundu.

Kukakanika, ndi anthu olonjeza kutsegula

Apilo ikakanidwa, njira zotsala ndi zochepa kwa wogulitsa wa kuno. Bungwe la Oversight Board, lomwe linayamba kulandira milandu mu 2020 kuti liziunika zigamulo za kampaniyi, linakhazikitsidwa ndi malamulo omwe anasiya za Marketplace kunja. M'maiko a mgwirizano wa Ulaya, lamulo la Digital Services Act, lomwe linayamba kugwira makampani aakulu mu Ogasiti 2023, limakakamiza kampani kupereka zifukwa za chigamulo chake ndipo limalola munthu kukadandaula ku bungwe loima palokha. Mmalawi wokhala ku Ireland ali ndi ufulu umenewo. Wa ku Blantyre, Chipata kapena Johannesburg alibe, ndipo wa ku Britain nayenso ali kunja kwa lamulolo. Sindiona chifukwa chabwino choti mmisiri wa ku Lilongwe azipatsidwa mzere umodzi pomwe kampani yomweyo yaonetsa kuti ikhoza kufotokoza zambiri ikakakamizidwa.

Kutsegula akaunti ina kumaoneka ngati njira yachidule. Malamulo a Facebook amafuna kuti munthu akhale ndi akaunti imodzi ya dzina lake, ndipo kutsegula yatsopano pozemba chilango ndi mlandu winanso. Akaunti yatsopanoyo, yotsegulidwa pa foni yomweyo n'kuyamba ndi zithunzi zomwezo, ilibe mbiri yoiteteza ndipo mwina siipatsidwa n'komwe msika. Kubwereka akaunti ya mkazi kapena ya mchimwene kumangosamutsira vutolo kwa iwo ngati chiganizo cholakwa chija sichinapezeke.

Munthu akangodandaula pagulu kuti watsekeredwa, pamatulukira anthu omwe amati ali ndi mnzawo wogwira ntchito ku Meta, kapena amadziwa katswiri wotsegula akaunti pa mtengo wochepa. Ena amatumiza uthenga pa Messenger wokhala ndi chizindikiro cha kampaniyo, woti akaunti itsekedwa m'maola 24 pokhapokha mudine pomwe akupatsani. Amenewa akufuna pasiwedi yanu ndi nambala yachinsinsi yomwe imabwera pa foni, ndipo wogulitsa wodandaula ndi yemwe amagwidwa mosavuta. Kupempha kuunikanso n'kwaulere ndipo kumachitikira m'kati mwa pulogalamu. Imelo ikabwera yonena kuti yachokera ku Facebook, pitani mu "Password and security" momwemo mutsegule "Recent emails", pomwe kampaniyo imaonetsa maimelo omwe yakutumizirani posachedwa. Chigamulo chenicheni cha msika chimaonekanso pa katundu wanu kapena mu Support Inbox, ndipo uthenga womwe suoneka m'malo amenewa musauyankhe.